Giza ikudontha madzi osaleka: yawonongeka kapena ndi mmene imachitira?

Funso: Bambo, ndimakhala ku Chalala. Giza yanga ya malita 150 ikudontha madzi pa kapaipi kotulukira panja, usana ndi usiku. Wina wati ndingotseka kapaipiko. Nditero?

Yankho: Mayi, kapaipiko musakatseke ngakhale pang'ono. Ndiko kopumira giza, ndipo mukakatseka thanki ikhoza kung'ambika.

Madzi akamatentha amafufuma. Malita 150 akachoka pa madigiri 20 kufika pa 60 amawonjezeka ndi malita awiri ndi pang'ono. Giza ndi yotsekeka, ndiye madzi owonjezerawo amakankha valavu, kachitseko kamene kamatseguka mphamvu ya madzi ikachuluka, n'kutulukira pa kapaipiko. Kumeneko si kuwonongeka. N'chifukwa chake magetsi akabwera atazima tsiku lonse, kudontha kumachuluka: giza ikutenthetsa madzi onse kuyambira pozizira. Koma kudontha kotereku kumakhala ndi nthawi yake, madzi akapsa kumaleka.

Mawu anu akuti "usana ndi usiku" ndi amene akundikayikitsa. Yesani izi. Madzulo zimitsani giza pa bokosi la magetsi, dikirani ola limodzi, kenako ikani ndowa youma pansi pa kapaipi. Mmawa mukaipeza youma, valavu ili bwino. Yatsani giza, ndipo madzi okwana malita awiri kapena atatu akatuluka pamene ikutenthetsa, musadandaule, muthirire maluwa. Koma mukapeza madzi m'ndowa giza ili yozima, vuto ndi valavu, chifukwa popanda moto palibe chofufumitsa madzi.

Kuno ku Lusaka kawirikawiri wolakwa ndi madzi athu omwewa. Ali ndi laimu wambiri, zoyera zija zimamatirira m'ketulo, ndipo a pachitsime amabweranso ndi mchenga. Kambewu kamodzi ka mchenga kakakhala pamene labala wa valavu amatsekera, basi, sitsekanso bwino. Pulamba atseke madzi, atsegule valavu, atsuke kasefa kake ndi potsekerapo. Ikapitirizabe kudontha, labala kapena sipuling'i yatha, gulani ina. Koma muwerenge kaye kachitsulo ka pa giza: ngati palembedwa 400 kPa, muyeso wa mphamvu ya madzi imene thanki ingapirire, valavu yatsopano isapose pamenepo. Ndaonapo anthu akuika ya 600 pa giza ya 400 kuti kudontha kuleke. Kumalekadi, koma thanki ndi imene imasenza katunduyo mpaka kubooka.

Chinanso, gwirani madzi akudonthawo mosamala. Magiza ambiri ali ndi mavalavu awiri. Ya pa paipi yolowetsa madzi imadontha madzi ozizira kapena ofunda pang'ono. Inayo ili pa thanki penipeni, ndipo siyenera kudontha tsiku ndi tsiku. Ikamatulutsa madzi owotcha ndi nthunzi, mwina themositati yakanika kuzimitsa moto ndipo madzi akuyandikira kuwira. Pamenepo za ndowa zisiyeni, zimitsani giza nthawi yomweyo, musayatsenso mpaka wodziwa za magetsi ataiona.