Tona ya 85A ya pa zithunzi izi: zimene kachipu, chomata ndi bokosi zikuonetsa

"Akuluakulu, ndithandizeni. Ndine mlembi pa sukulu ina ya sekondale ndipo printa yathu ndi HP LaserJet P1102. Munthu wina wanditumizira zithunzi zitatu izi za tona ya 85A: bokosi, chomata chonyezimira chija, ndi katirijiyo mbali ya kachipu. Akuti ndi orijino, ali nazo zisanu, ndipo mtengo wake ndi pafupifupi theka la wa m'sitolo. Kodi pa zithunzizi mungadziwe ngati ndi yeniyeni kapena yothiridwa? Ndalamazi ndi zosindikizira mayeso a ana."

Mayi, zithunzi zanu ndaziyang'ana mofatsa pa kompyuta, ndipo malangizo anga ndi akuti musalipire kaye. Ndimakonza maprinta, ndipo chimene ntchitoyi yandiphunzitsa ndi chakuti chithunzi chingathe kutsimikizira kuti katiriji ndi yabodza, koma chithunzi chokha sichingatsimikizire kuti ndi yeniyeni. Choncho tikamayang'ana zithunzi timafufuza chinthu chimodzi chokha chimene sichingapezeke pa katiriji yatsopano yochokera ku fakitale, ndipo pa chithunzi chanu chachitatu ndaona zinthu ziwiri zotere.

Ndiyambe ndi chachitatucho, chifukwa thupi la katiriji limanena zoona kuposa bokosi. Kachipu ka 85A ndi kabolodi kakang'ono kokhala ndi timalo tiwiri tagolide, ndipo kamalowa m'kampata kamene kanaumbidwa pa pulasitiki ya katirijiyo. Ku fakitale kamatsekeredwa m'kampatamo mwaudongo, moti munthu wofuna kukachotsa amayenera kudula kapena kupala pulasitiki ya pakamwa pa kampatako. Mukakulitsa chithunzi chanu muona kuti m'mphepete mwa kampatako pulasitiki yatuwa ndipo ili ndi timano, monga imachitira pulasitiki yakuda ikadulidwa ndi lezala, komanso pambali pa kachipuko pakunyezimira kadontho kooneka ngati guluu wouma. Zimenezi zikusonyeza kuti kachipu koyamba kanachotsedwa n'kuikapo kena. Othira tona amachita zimenezi chifukwa kachipu kakale kamakhala katasunga chiwerengero cha masamba amene anasindikizidwa kale, ndiye akakasiya printa imanena kuti tona yatha ngakhale katirijiyo ili yodzaza. Akapanda kusintha kachipu, chizindikiro chimakhala china: timalo tagolide tija timakhala ndi timikwasa ting'onoting'ono pakati, pamene timawaya ta m'printa timagunda nthawi iliyonse katiriji ikalowetsedwa.

Chachiwiri ndi sikuluu imene ikuoneka chakumapeto kwa chithunzi chomwecho, pa chivundikiro cha m'mbali. Mutu wake wawala m'mbali mwa kamtanda kaja, kusonyeza kuti sikuludiraiva inalowamo n'kuterereka. Sikuluu yomangidwa kamodzi kokha ndi makina imakhala ndi mtundu umodzi mutu wonse ndipo kamtanda kake kamakhala kosaphwanyika. Munthu sangatsuke katiriji ya mtundu umenewu, kutaya tona yotsalira m'chipinda cha zinyalala ndi kusintha dilamu, kachubu kozungulira kamene kamasamutsira tona pa pepala, popanda kumasula masikuluu amenewa, n'chifukwa chake ine ndimayamba kuyang'ana pamenepo ndisanawerenge chilichonse cholembedwa pa bokosi. Mwa kuona kwanga, katiriji imene ili pa chithunzichi ndi chigoba chenicheni cha HP chimene chinagwirapo ntchito, chinatsegulidwa, n'kuthiridwanso.

Tsopano za chomata chonyezimira, chimene anthu ambiri amachikhulupirira kwambiri. Chomata chimenechi chinapangidwa kuti munthu achiyese pochisuntha. Mukapendeketsa bokosi cham'tsogolo ndi cham'mbuyo, tizizindikiro ta OK ndi kachongi timayenda kulowera mbali zosiyana, ndipo mukalipendeketsa kumanzere ndi kumanja timayendera mbali imodzi. Maonekedwe a chomatachi akhala akusintha pang'ono m'zaka zapitazi, koma mfundo ya kuyenda kwa tizizindikiroto ndi yomweyo. Pa chithunzi choima, chomata chabodza chosindikizidwa pa pepala lonyezimira chimaoneka chimodzimodzi ndi chenicheni, choncho chithunzi chanu chachiwiri sichikutiuza kanthu pa mbali imeneyi. Muuzeni wogulitsayo ajambule kavidiyo kakafupi ali panja powala, akupendeketsa bokosilo pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Ngati tizizindikiroto tangoima malo amodzi kwinaku pepala likungosintha mitundu, nkhani yathera pomwepo.

Pa chomata chomwecho pali khodi ya QR ndi nambala yake. Mungathe kuijambula ndi foni, kapena kulemba nambalayo pa tsamba la hp.com/go/ok, ndipo mukajambula QR muonetsetse kuti tsamba limene latseguka ndi la hp.com lenileni, chifukwa opanga zabodza ena amaika khodi yopita ku tsamba lawo limene limangovomereza chilichonse. Komabe ngakhale nambalayo itavomerezedwa, chimene chavomerezedwa ndi chomata, osati zimene zili m'kati mwa bokosi. Pali njira ziwiri zimene anthu amazembera mayeso amenewa. Yoyamba ndi kukopera nambala imodzi yeniyeni n'kuisindikiza pa mabokosi ambirimbiri. Poti wogulitsa wanu akuti ali nazo zisanu, mwayi muli nawo: apemphe aike mabokosi onse asanu pamodzi n'kujambula zomata zonse pafupi kuti manambala aziwerengeka. Bokosi lililonse liyenera kukhala ndi nambala yakeyake, ndipo mukapeza awiri okha ofanana nambala, musagule ngakhale limodzi.

Njira yachiwiri ndi imene ndikuganiza kuti yachitika pano, ndipo ndi yovuta kuigwira. Anthu amayenda m'maofesi kugula makatiriji otha pamodzi ndi mabokosi ake. Bokosi la tona limatsegulidwa pong'amba kalamba ka katoni kamene chomata chija chimadutsapo, kotero kuti likatsegulidwa moyenera chomatacho chimang'ambika. Koma wina akalitsegula kumbali inayo ndi mpeni, n'kutulutsa katiriji popanda kukhudza kalambako, bokosilo limatsala looneka latsopano, chomata chake chenicheni, nambala yake yovomerezeka. Ndi chifukwa chake chithunzi chanu choyamba, chimene chikuonetsa kumaso kwa bokosi kokha, ndi chosakwanira ngakhale zilembo zake zili zosalala bwino. Pemphani zithunzi za mbali zonse ziwiri zakumapeto kwa bokosi, zojambulidwa kuwala kukuchokera cham'mbali kuti mithunzi ioneke. Muyang'ane guluu wotulukira m'mphepete, katoni yotupa kapena yosupuka pamene inamatulidwa, ndi chivundikiro chomatidwa mopendekeka.

Za kasindikizidwe ka bokosi sindichedwapo, chifukwa mabokosi abodza amasiku ano ambiri amasindikizidwa bwino, ndipo zithunzi zotumizidwa pa WhatsApp zimafinyidwa moti zilembo zing'onozing'ono zimaoneka zofufutika ngakhale pa bokosi lenileni. Muuzeni azitumize ngati Document kuti zifike zosafinyidwa. Pamenepo muwerenge mawu ang'onoang'ono kufufuza zilembo zolakwika, ndipo muone ngati nambala ya katunduyo yalembedwa CE285A paliponse. Mukaona chomata cha pa katiriji chitalembedwa manambala angapo pamodzi, monga CB435A, CB436A ndi CE285A, dziwani kuti ndi ya kampani ina, yopangidwa kuti ilowe m'maprinta angapo. HP simagulitsa katiriji imodzi pa manambala atatu. Mawu akuti Made in China asakudetseni nkhawa, pakuti makatiriji enieni amapangidwa m'mayiko angapo kuphatikizapo China ndi Japan. Chothandiza kwambiri ndi khodi ya kapangidwe imene imadindidwa pa bokosi komanso pa pulasitiki ya katirijiyo: zilembo zoyambirira za makhodi awiriwa zimayenera kufanana, ndipo chigoba chakale choikidwa m'bokosi la katiriji ina chimagwidwa pamenepa.

Mufunsenso chithunzi cha mbali imene kuli kogwirira ka tepi yotsekera tona, ija timaikoka tisanalowetse katiriji m'printa koyamba. Ngati tepiyo palibe, katirijiyo si yatsopano, zivute zitani. Koma ikakhalapo musafulumire kukondwa, chifukwa matepi amenewa amagulitsidwa paokha ndipo wothira waluso amaikamo ina. Ine ndinalandirapo katiriji yotere kuchokera ku ofesi ina imene inkadandaula kuti mapepala akutuluka otuwa. Tepi anali ataikoka okha, bokosi linali labwinobwino, koma nditayendetsa chala pa chomata cha pamwamba ndinamva kachotupa kozungulira ngati kandalama kachitsulo, ndipo nditamatula ndinapeza bowo lobooledwa ndi chitsulo chamoto, lotsekedwa ndi tepi yakuda. Pa chithunzi, bowo lotere limaoneka ngati kamthunzi kozungulira pansi pa chomata, ndipo nthawi zambiri m'makona a pulasitiki mumakhala kafumbi kakuda kamene nsalu sinafikemo.

Ndikufuna mundimvetse bwino pa mfundo imodzi. Katiriji yothiridwa kapena ya kampani ina si yoipa mwa iyo yokha, ndipo masukulu ambiri amagwiritsa ntchito zimenezo mwadala chifukwa cha mtengo. Cholakwika ndi kuigulitsa pa dzina la yeniyeni, chifukwa theka la mtengo wa orijino ndi ndalama zambiri kwa chigoba chakale chimene simukudziwa kuti dilamu yake yatsala ndi moyo wotani. Katiriji ya CE285A yatsopano imawerengeredwa masamba pafupifupi 1,600 pa muyezo wa ISO, pamene tona imakuta gawo laling'ono la tsamba, ndipo mapepala a mayeso okhala ndi zojambula amadya yambiri kuposa pamenepo. Yothiridwa ingathe kutha pakati pa ntchito, kapena kuyamba kusiya kadontho kobwerezabwereza pa mtunda wa masentimita pafupifupi 7.5 kutsika ndi tsamba, chimene ndi chizindikiro cha dilamu yokalika, ndipo kadontho kotere pa pepala la masamu kangasokoneze mwana.

Ngati mukufunabe kuchita naye malonda munthuyu, abweretse katiriji imodzi kusukulu, bokosi mutsegule nokha pong'amba kalamba kaja, tepi mukoke nokha, ndipo mulipire mutayesa. P1102 ilibe sikirini, choncho mukalowetsa katirijiyo pitani pa kompyuta, tsegulani Printing Preferences, sankhani Services, n'kusindikiza Supplies Status Page. Tsamba limeneli limaonetsa masamba amene asindikizidwa ndi katiriji imene ili m'katimo, ndipo yatsopano siyenera kuonetsa mazana a masamba. Poti kachipu ka pa chithunzi chanu kakuoneka kuti kanasinthidwa, chiwerengerocho chingathe kuyambira pa ziro, ndiye musindikizenso tsamba limodzi lakuda lonse ndi lina lopanda kanthu kuti muone mizere yoyera, madontho ndi kutuwa. Pa lisiti alembepo CE285A ndi mawu oti ndi yeniyeni ya HP, komanso manambala a zomata za mabokosi onse amene mwagula. Mukalandira kavidiyo ndi zithunzi za manambala asanu aja, ziikeni pansi pa yankho lino ndidzazionenso.