Kuchotsa zolemba za adokotala a mano pakhadi kuti zikhale ndondomeko ya chithandizo

“Ndimalandira odwala pachipatala china chaching'ono cha mano pa boma la Kasungu. Adokotala andiuza kuti ndiyambe kulembera odwala ndondomeko ya chithandizo chawo m'Chichewa, yokhala ndi manambala, magawo ndi chiwerengero cha maulendo. Khadi la bambo wina wa ku Chamama lalembedwa motere, ndipo sindikudziwa poyambira.”

```
C/O pain LL 3/7
16 MO caries, comp
11 M caries, comp
25 DO caries, comp
36 O caries, TTP+, PA, RCT/XLA?
46 RR, XLA
47 M
BPE 2 1 2 / 2 3 2
S&P, OHI, -/P, R/V 3/12
```

Mayi, choyamba muzindikire kuti mizere ya pakhadi imatsata momwe adokotala anayendera m'kamwa poyeza, osati momwe chithandizo chidzayendere. Iwo anayambira kumwamba kudzanja lamanja la wodwala, nadutsa kumanzere, kenako natsikira pansi. Mukangoika manambala 1, 2, 3 kutsogolo kwa mizereyo, bambo wa ku Chamamayu adzamatidwa mano atatu amene sakumupweteka pamene dzino limene lamugoneka chikhale kwa masiku atatu likudikira pa nambala 4.

Manambala a manowa ndi a njira ya FDI, momwe dzino lililonse limakhala ndi manambala awiri owerengedwa paokhapaokha. Yoyamba imatchula chigawo cha m'kamwa: 1 ndi kumwamba kumanja, 2 kumwamba kumanzere, 3 pansi kumanzere, ndipo 4 pansi kumanja, ndipo manja akunenedwawa ndi a wodwala, osati anu amene mwamuyang'ana. Yachiwiri imawerenga dzino kuchokera pakati kutsogolo kupita mkati, kuyambira 1 mpaka 8. Choncho 36 ndi dzino lachisanu ndi chimodzi pansi kumanzere, limodzi mwa mano akuluakulu otafunira, ndipo likugwirizana ndi mzere woyamba umene ukunena kuti wodwala wabwera ndi ululu pansi kumanzere. Kugwirizana kotereku muzikufufuza nthawi zonse. Ngati dandaulo lili kumanzere koma dzino lozula lalembedwa ndi nambala yoyamba ndi 4, musalembe kanthu musanafunse, pakuti dzino lozulidwa molakwika silibwerera.

Pakhadili pali misampha iwiri imene ingakukoleni. Chilembo M chalembedwa pa 11 komanso pa 47, koma sichikunena chinthu chimodzi. Pa 11 chikutchula mbali ya dzino yoyang'ana pakati pa kamwa kutsogolo, pamene pabooka, monganso D amatchula mbali yoyang'ana kumbuyo ndipo O pamwamba potafunira. Pa 47 chilembocho chaima chokha, popanda mawu onena za kubooka kapena kumata, ndipo adokotala ambiri akalemba motero amatanthauza kuti dzinolo palibe, linachoka kale. Mzere umenewu sulowa m'ndondomeko ngati ntchito, koma ndi umene ukufotokoza chifukwa chake pansi pa khadi palembedwa -/P, kutanthauza mano oikirira a m'munsi olowa m'malo mwa ochepa amene asowa. Msampha wachiwiri ndi wa masiku. 3/7 ndi masiku atatu, 2/52 akanakhala masabata awiri, ndipo R/V 3/12 ndi kubweranso kudzayezedwa pakatha miyezi itatu, osati pa 3 Disembala.

Mzere wolemera kwambiri ndi wa 36. TTP+ ikunena kuti dzino likupweteka akaligogoda, chimene kawirikawiri chimasonyeza kuti kutupa kwadutsa mtsempha wa dzino n'kufika kunsonga ya muzu. PA ndi chithunzi chaching'ono cha ekisire chosonyeza dzino ndi mizu yake. RCT ndi kuchotsa mtsempha wodwalawo, kutsuka mkati mwa mizu n'kutsekamo kuti dzino likhalebe, pamene XLA ndi kulizula atabaya jakisoni wochititsa dzanzi. Chizindikiro cha funso chimene chili kumapeto ndi chofunika kuposa zilembo zonsezi, chifukwa chikusonyeza kuti nkhaniyo sinathe. Si inu woimaliza. Adokotala ayenera kunena ngati dzinolo lingathe kupulumutsidwa, ndipo mwini dzino ayenera kusankha atamva mtengo ndi maulendo a njira zonse ziwiri. Ntchito yanu ndi kulemba njira ziwirizo moyandikana kuti aone kusiyana kwake. Funsaninso ngati RCT ya dzino lotafunira imachitika pachipatala panupo, chifukwa ngati wodwala adzatumizidwa ku Lilongwe, ulendo uliwonse ukhala wa makilomita oposa 100 kupita kokha, ndipo munthu ayenera kudziwa zimenezi asanavomere.

Mizere yotsalayo ndi yopepuka. Caries ndi kubooka kwa dzino, RR ndi chitsa cha dzino, muzu wotsalira dzino litagumuka, ndipo comp ndi mankhwala omatira ofanana mtundu ndi dzino. S&P ndi kuchotsa litsiro louma lomatirira pamano n'kuwasalaza, ndipo OHI ndi kuphunzitsa katsukidwe ka mano. Manambala asanu ndi imodzi a BPE akunena za nkhama, atatu kumwamba ndi atatu pansi, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Nambala 1 ndi nkhama zotuluka magazi zikakhudzidwa, 2 ndi pamene pali litsiro louma kapena china chosunga litsiro, ndipo 3 ndi pamene nkhama yalekana ndi dzino n'kusiya kathumba kakuya pakati pa mamilimita 3.5 ndi 5.5. Bamboyu ali ndi 3 mmodzi, pamano akutsogolo a pansi, ndipo nambala imeneyi ndiyo ikufuna kuti nkhama zidzayezedwenso pakatha miyezi itatu.

Kasanjidwe kake kamatsata mfundo imodzi: choyamba ululu, kenako kuletsa matenda, kenako kuona ngati aletsekadi, ndipo pomaliza ntchito zodula zokhalitsa. Chifukwa chake n'chomveka. Kumata dzino nkhama zikutuluka magazi kumavuta, pakuti mankhwala a comp amafuna pouma kuti agwire, ndiye kutsuka kumabwera kumata kusanachitike. Mano oikirira akapangidwa chilonda cha pozula chisanapole, nkhama ndi fupa zimafota pambuyo pake ndipo manowo amayamba kukhwepa, n'chifukwa chake nthawi zambiri amadikira miyezi iwiri kapena itatu. Ndondomeko ya bamboyu, ngati wasankha kuzula 36, ikhoza kulembedwa chonchi:

1. Gawo loyamba, kuthetsa ululu: kuzula dzino 36. Ulendo umodzi, lero ngati n'kotheka.
2. Gawo lachiwiri, kuletsa matenda: kutsuka mano ndi kuphunzira katsukidwe, kuzula chitsa cha 46, kumata 16 ndi 11, kumata 25. Maulendo 4 kapena 5.
3. Gawo lachitatu, kuyezanso: kuona nkhama, zilonda ndi mano omatidwa pakatha miyezi itatu. Ulendo umodzi.
4. Gawo lachinayi, mano oikirira a m'munsi olowa m'malo mwa 36, 46 ndi 47: kutenga muyeso wa m'kamwa, kuyesa, kuvala, ndi kukonza pamene akukhula nkhama. Maulendo 3 kapena 4.

Zonse pamodzi ndi maulendo 9 mpaka 11, m'miyezi pafupifupi inayi kapena isanu.

Pamene pakufunika nzeru ndi m'gawo lachiwiri, pakuti chiwerengero cha maulendo sichichokera pa kuwerenga mizere ya pakhadi koma pa kuona ntchito zimene zingachitike tsiku limodzi. Mano 16 ndi 11 onse ali kumwamba kumanja, ndiye adokotala akhoza kuwamata pa ulendo umodzi, wodwala n'kubwerera kwawo dzanzi lili mbali imodzi yokha. Dzino 25 lili kumanzere ndipo limadikira tsiku lake. Mukhoza kuganiza kuti popeza 36 ndi 46 onse ndi ozula, bwanji osathana nawo limodzi kuti bamboyu apulumutse ndalama ya kabaza, koma ali mbali ziwiri za nsagwada ya pansi. Adokotala ambiri amapewa kuchititsa dzanzi mbali zonse ziwirizi tsiku limodzi chifukwa lilime ndi mlomo wonse wa m'munsi zimafa dzanzi, komanso munthu amasowa mbali yotafunira nsima kwa masiku angapo. Siyani sabata imodzi kapena awiri pakati pake, ndipo ulendo wotsuka mano ukhoza kulowa m'mpata umenewo. Ulendo wachisanu ndauika chifukwa cha 3 uja wa pa BPE, pakuti kutsuka pansi pa nkhama nthawi zina sikutha tsiku limodzi.

Ngati bamboyu wasankha kusunga dzino, magawo sasintha koma manambala amakula. Ulendo woyamba umakhala wotsegula dzino, kuchotsa mtsempha, kuikamo mankhwala ndi kumata kongoyembekezera. Dzino 36 kawirikawiri limakhala ndi timipata titatu m'mizu yake, nthawi zina tinayi, ndipo kumaliza ntchitoyo kumafuna ulendo wina umodzi kapena iwiri, zimene zikufikitsa gawo lachiwiri pa maulendo 5 mpaka 7. Dzino lotafunira lochotsedwa mtsempha limasweka msanga, ndiye nthawi zambiri limavekedwa chisoti cholimba, ntchito ya maulendo awiri imene iyenera kutha muyeso wa mano oikirira usanatengedwe, popeza manowo adzatsamira pa chisoticho. Gawo lachinayi likhala la maulendo 5 kapena 6, ndipo onse pamodzi ndi 12 mpaka 15. Chisoticho sichinalembedwe pakhadi, choncho chiikeni ndi funso pambali kuti adokotala avomereze kapena achifufute. Ine ndimaona kuti kubisa mzere umenewu ndi kulakwira wodwala, chifukwa munthu akavomera RCT n'kuthawira pakati ndalama zitatha, chomata chongoyembekezera chija chimagumuka, dzino limaola, ndipo pamapeto pake limazulidwabe atalipira kawiri.

Pa chifukwa chomwecho, lembani mtengo pa gawo lililonse m'malo mongolemba chiwerengero chimodzi pansi. Alimi ambiri a kuno kwathu amagwira ndalama fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma kapena chimanga ndi soya zikachoka kumunda, ndipo ndondomeko yabwino imawasonyeza pamene angapumire popanda ngozi. Gawo lachinayi la mano oikirira likhoza kudikira miyezi ingapo, koma loyamba ndi lachiwiri sangadikire, chifukwa bowo la pa 16 kapena pa 25 likasiyidwa lidzafika pamene 36 wafikapa.

Khadi limene mwanditumizira silikunena kanthu za matenda ena a bamboyu. Musanapereke tsiku lozula, onetsetsani kuti adokotala aona buku lake la kuchipatala, makamaka ngati ali ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kapena akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, popeza zimenezi zikhoza kusintha tsiku ngakhale malo ochitira ntchitoyo. Pansi pa pepala lembaninso m'mawu osavuta kuti tsaya likatupa mpaka kukhosi kapena kudiso, thupi likatentha, kapena akamavutika kumeza ndi kutsegula pakamwa, asadikire tsiku lolembedwa koma apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mukatha zonsezi perekani pepalalo kwa adokotala kuti ayerekeze nambala ya dzino lililonse ndi khadi, asaine ndi kulemba tsiku, ndipo pepala lina lofanana nalo litsale m'faelo kuti gawo lachitatu likasintha zinthu mudzakhale ndi pokonzera.