Mphotho izituluka mnzakeyo akalipira

"Abale, ndili ndi saluni koma makasitomala anga ndi omwewomwewo. Ndikufuna kuwalembera uthenga woti azibwera ndi anzawo, ine ndiziwathokoza ndi kenakake. Ndilembe bwanji, ndipo ndiziwapatsa chiyani kuti ndisaluze?"

Achemwali, musanalembe uthengawo yambani mwatenga kope ndi cholembera, chifukwa mawu ake amachokera m'masamu. Tiyerekeze kuti kasitomala akabwera amalipira 100. Mukachotsapo mankhwala, magetsi, madzi ndi gawo la wogwira ntchito, mwina 60 yapita, inu mwatsala ndi 40. Mphotho zonse ziwiri, ya wobweretsa ndi ya wobweretsedwa, zichokere mu 40 imeneyo ndipo zisaimalize. Mlendoyo mukamuchotsera 10 ndipo amene wamubweretsa mukamupatsa za 15, mwawononga 25, mwatsala ndi 15 kuphatikiza kasitomala watsopano. Koma mukatengeka mtima n'kunena kuti 20 kwa mlendo, 30 kwa womubweretsa, ndiye kuti 50 yatuluka pamene munapeza 40. Pamenepo mlendo aliyense amene sadzabweranso wakusiyirani dzenje la 10. Ikanimo manambala anu enieni, muone pamene mukuima.

Ndikulangizani kuti wobweretsayo musamupatse ndalama m'manja. Mupatseni ntchito yaulere imene muitchule dzina, monga kutsuka tsitsi. Ngati kutsuka mumalipiritsa 20 koma inu kumakudyerani 8 yokha, iye akuona kuti walandira 20 pamene m'thumba mwanu mwachoka 8. Chinanso, kuti alandire mphothoyo ayenera kubwera, ndipo nthawi zambiri munthu akakhala kale pampando amapangitsanso zina. Kampani ya Dropbox, yosungira anthu mafayilo pa intaneti, imachita chimodzimodzi: amene ali pa akaunti yaulere akaitana mnzake, onse awiri amapatsidwa malo osungira zinthu okwana 500 MB, osati ndalama, ndipo woitanayo ali ndi malire a 16 GB. Amapereka chimene ali nacho kale, amapatsa mbali zonse, ndipo anaika polekezera.

Za mbali zonsezi ndizikhalitsepo pang'ono, chifukwa ambiri amapunthwa pamenepa. Mphotho ikakhala ya wobweretsa yekha, munthu amachita manyazi kuuza mnzake. Amaopa kuti mnzakeyo akadzadziwa adzati, "Kani umandikokera kuti udyerepo?" Koma mlendoyo akakhala ndi gawo lake, kasitomala wanu amapita kwa mnzake ngati wonyamula mphatso, ndipo pakamwa pamapepuka.

Uthenga wake ungakhale wotere:

"Moni amayi, zikomo chifukwa chotikhulupirira ndi tsitsi lanu. Ngati muli ndi mnzanu amene sanabwerepo kuno, mutumizeni ndipo akafika atchule dzina lanu. Iye timuchotsera 10 pa ulendo wake woyamba. Akangolipira, inu mudzatsukidwa tsitsi mwaulere pa ulendo wanu wotsatira, pasanathe masiku 60."

Basi. Musawonjezemo mbiri ya saluni kapena mndandanda wa ntchito zanu zonse. Muuyese motere: muwerengereni kasitomala mmodzi, kenako mumufunse kuti akufotokozereni zimene wamva. Akalephera kubwereza kuti mnzake apeza chiyani, iye apeza chiyani, ndipo liti, ndiye kuti uthengawo watalika kapena wapiringizika. Kumbukirani kuti amene adzaufalitse ndi iyeyo, pakamwa, inu kulibe.

Onani mawu akuti "akangolipira". Amenewo ndiwo msana wa zonse. Mukalemba kuti "mukabweretsa mnzanu", mudzaona munthu akulowa ndi mng'ono wake amene wangomuperekeza, n'kukhala pabenchi, kenako akufunsa mphotho. Ndipo mwa mawu anu omwe, sakulakwa.

Pansi pa uthengawo, komanso papepala lomata pafupi ndi polipirira, lembani malamulo atatu okha. Watsopano ndi amene nambala yake ya foni mulibe m'kope lanu. Dzina la womutuma alitchule asanalipire, osati mawa lake. Mphotho imodzi pa ulendo umodzi. Lachitatuli limaoneka laling'ono, koma taganizani za kasitomala wochangamuka amene wabweretsa anthu asanu mwezi umodzi. Popanda lamuloli adzafuna kuti mphotho zisanuzo muziphatikize, zilipire ntchito yaikulu ya tsiku lonse. Ndi lamuloli, abwera maulendo asanu. Kwa munthu wotereyu masiku 60 aja mukhoza kumuwonjezera, chifukwa si wofunika kumukhumudwitsa.

Nthawi yopempha ili ndi mphamvu kuposa mawu. Mphindi yabwino ndi pamene mwamaliza, mwamupatsa galasi, iye akutembenuza mutu uku ndi uku akumwetulira. Pamenepo munene mwachidule: "Mwatchena bwanji! Akakufunsani kuti mwakonzetsa kuti, muwatumize atchule dzina lanu. Iwo tiwachotsera, inunso tikutsukani mwaulere." Madzulo ake mutumizireni uthenga uja pa foni kuti akhale ndi choti apatsire anzake. Amene wadandaula tsiku limenelo, kaya za kuchedwa kaya za kalukidwe, musamupemphe. Yambani mwakonza dandaulo lakelo.

Chimodzi ndikupempheni ndithu: musamafunse makasitomala kuti akupatseni manambala a anzawo kuti muziwatumizira nokha. Munthu akalandira uthenga wamalonda kuchokera ku nambala yosaidziwa amakwiya, ndipo mkwiyowo umagwera mnzake amene anapereka nambalayo. Mumataya onse awiri.

M'kope mutsegule tsamba la zimenezi zokha: tsiku, dzina la mlendo, nambala yake, amene wamutuma, ndi tsiku limene mphotho yatengedwa. Mlendo akalipira, tsiku lomwelo mudziwitseni womutumayo kuti, "Mnzanu uja wabwera, zikomo kwambiri. Kutsuka kwanu kwaulere kukukudikirani." Musadikire kuti adzakumbutse yekha. Munthu akafika n'kupeza wogwira ntchito akuti sakudziwapo kanthu, mpaka kuyamba kukangana pamaso pa anthu chifukwa cha kutsuka tsitsi, sadzatumanso wina. Choncho aliyense wogwira ntchito pamenepo adziwe malamulo atatu aja ndi pamene kopelo limakhala.

Pakatha miyezi iwiri, werengani zinthu zitatu: mwapempha angati, alendo abwera angati, ndipo mwa alendowo abweranso kachiwiri angati. Tinene kuti munapempha 40, kunabwera 8, ndipo 5 abweranso pa mtengo wonse. Pa masamu aja, alendo 8 anakusiyirani 15 aliyense, yomwe ndi 120, ndipo ulendo wachiwiri wa anthu 5 wabweretsa 200. Pamenepo pitirizani osasintha kanthu. Ngati mwapempha ambiri koma sikukubwera munthu, vuto lili pa uthenga kapena pa nthawi yopemphera, ndiye funsani makasitomala awiri atatu ngati anauzako aliyense ndi zimene ananena. Ngati alendo akubwera koma sakubwereranso, musathamangire kukweza mphotho. Mwina kuchotsera kwanu kwakula moti kukukoka ongofuna zotchipa, kapena ulendo woyambawo sunawagwire mtima. Yang'anani kuti anadikira nthawi yaitali bwanji ndiponso anawagwira ndani.

Poyamba musalengeze kwa aliyense. Sankhani makasitomala 10 amene amabwera mwezi ndi mwezi, muyese nawo kwa milungu inayi. Mafunso amene adzakufunseni adzakuonetsani mawu amene sakumveka, muwakonze musanatumize kwa onse.