Njira zitatu zikagwirizana, kodi ndiye kuti mwapeza zoona?

"Ndikuchita kafukufuku wa digiri yachiwiri wokhudza kugona m'masikito. Ndafunsa amayi 120 ndi pepala la mafunso, ndachititsa zokambirana zamagulu kanayi, ndawerenganso malipoti a alangizi a zaumoyo. Zonse zikuti ana ambiri amagona m'masikito. Aphunzitsi anga akuti imeneyi ndi tirayangulesheni. Kodi ndingalembe kuti zotsatira zanga zatsimikizika?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Mawu oti "zatsimikizika" musawalembe kaye.

Tirayangulesheni inachokera kwa anthu oyeza malo ndi oyendetsa zombo. Iwo amapeza pamene chinthu chili pochiloza kuchokera pamalo awiri otalikirana amene akuwadziwa kale, ndipo pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pomwepo. Norman Denzin, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku Amereka, anafotokoza mu 1970 mitundu inayi ya njirayi pa kafukufuku: kusiyanitsa kumene mukutenga uthenga, njira zofufuzira, ofufuza eniake, ndi maganizo otanthauzira. Koma woyeza malo akaima kawiri pamalo amodzi, mzere wake ndi umodzi womwewo, ndipo sapezapo kanthu.

Ndikuona kuti inu mwaima katatu pamalo amodzi. Pa pepala la mafunso wayankha ndi mayi. Pagulu walankhulanso ndi mayi yemweyo, tsopano pamaso pa anzake, mwinanso a mfumu ali chapafupi. Mlangizi wa zaumoyo naye sagona m'nyumba za anthu. Nthawi zambiri amalemba zimene mayi wamuuza, ndiponso lipoti labwino limamukomera pantchito. Mayi amene anauzidwa ku sikelo kuti mwana azigona m'masikito amadziwa yankho limene mlendo wonyamula mapepala akufuna. Ngati akukometsa, njira zanu zonse zitatu zapendekekera mbali imodzi, ndipo zigwirizana bwinobwino ngakhale masikitowo ali m'chikwama kapena atchingira mbewu kudimba. Sindikunena kuti amayiwo ananama. Ndikunena kuti zimene muli nazo sizingasiyanitse wonena zoona ndi wokometsa.

Kugwirizana kumakhala ndi mphamvu pokhapokha njira iliyonse ikamalakwitsa mwa mtundu wakewake. Choncho funani njira yosadalira pakamwa pa mayi. Sankhani mwamaere nyumba 30 mwa 120 zija, mupemphe chilolezo, mulowe m'mamawa. Onani ngati masikito apachikidwa pamwamba pa mphasa imene mwana amagona, ngati ali ndi zibowo, ndipo muwerenge malo ogona poyerekeza ndi masikito amene alipo. Njirayi nayo ili ndi vuto lake, chifukwa masikito opachika si umboni woti mwana anagonamo usiku wonse, komanso anthu akamva kuti mukubwera adzapachika. Koma vutolo ndi losiyana ndi loyamba lija.

Tiyerekeze kuti mwa nyumba 30 zimenezo amayi 27 anati inde, koma mwapeza masikito opachika m'nyumba 18 zokha. Musataye mtima, ndipo musafufute chiwerengero chimodzi kuti nkhani ikhale yosalala. Nyumba zisanu ndi zinayi zosiyanazo ndi pamene pali phunziro. Bwereraniko mukafunse. Mwina ena amatsitsa masikito kukacha poti chipinda chomwecho ndi chochezeramo. Mwina ena amasiya nthawi yotentha. Izi pepala la mafunso silikanakuuzani.

Kuno kwathu zoterezi zinachitikapo. Kafukufuku amene Susan Watkins ndi anzake anayamba mu 1998 ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka ankafunsa anthu za Edzi ndi mapepala, koma analinso ndi anthu a m'midzi amene ankalemba m'makope zimene amva pachitsime, pamaliro ndi m'minibasi. Makopewo anaonetsa kuti anthu ankakamba kwambiri za matendawa, pamene ambiri ankati kumudzi kuli zii. Atayamba kuyeza magazi mu 2004, zinaoneka kuti anthu ochuluka amene ankaganiza kuti ali ndi kachilombo analibe. Mayankho awo sanali abodza. Ankasonyeza mantha a munthu, pamene magazi ankasonyeza za m'thupi. Nthawi zina njira ziwiri zimasiyana chifukwa zikuyeza zinthu ziwiri.

Za ofufuza ndinene mwachidule. Kupempha mnzanu kuti asanthule payekha zokambirana zamagulu zija n'kothandiza, makamaka ngati sakudziwa zimene mukuyembekezera. Koma anthu awiri ophunzitsidwa ndi mphunzitsi mmodzi akagwirizana, zasonyeza kuti amawerenga mofanana, osati kuti awerenga molondola.

China chimene tirayangulesheni singachite ndi kukulitsa kafukufuku wanu. Ngati amayi 120 aja munawapeza ku sikelo, amene sapita ku sikelo mulibe mawu awo, ngakhale mutawonjezera njira khumi. Komanso singakuuzeni kuti masikito ndi amene achepetsa malungo m'deralo. Funso limenelo limafuna kafukufuku woyerekeza magulu.

Ngati nthawi yobwerera kumudzi yatha, lembani motere: "Njira zitatu zinagwirizana kuti amayi ambiri amanena kuti ana awo amagona m'masikito. Zonse zitatu zinadalira mawu a amayiwo, ndipo sitinaone m'nyumba." Aphunzitsi anu mukawasonyeze chiganizo chimenecho musanapitirize mutu wa zotsatira.