Kufafaniza pakokha sikukwanira: kusiyanitsa impulikecha ndi pulisapozishoni

"Zikomo akulu. M'kalasi atiuza kuti impulikecha imafafanizika pomwe pulisapozishoni siifafanizika. Koma ine nditha kunena kuti 'Mlembi sanasiye kusuta, sanasutepo n'komwe chibadwire,' ndipo palibe angadabwe. Kodi pamenepa sindinafafanize pulisapozishoni? Nanga pa mayeso ndizisiyanitsa bwanji?"

Achemwali, khutu lanu lamva bwino, ndipo lamulo lomwe mwapatsidwalo ndi lodulidwa mchira. Chofunika kuyang'ana ndi malo omwe kufafanizako kukutheka. Tiyeni tiyende ndi ziganizo ziwiri izi mpaka kumapeto. Choyamba: "Mlembi wasiya kusuta." Chachiwiri: "Mlembi wawerenga ena mwa makalata." Womva choyambacho amatolapo mfundo yoti mlembiyu ankasuta, ndipo womva chachiwiricho amatolapo yoti sanawerenge onse. Mfundo zonse ziwirizi sizinatchulidwe ndi pakamwa, n'chifukwa chake zimaoneka ngati zapachibale. Koma magwero ake ndi osiyana.

Mfundo yoti "sanawerenge onse" imabadwa m'mutu mwa womvera. Paul Grice adafotokoza zimenezi m'maphunziro omwe adapereka ku Harvard mu 1967: pocheza timayembekezera kuti mnzathu atiuza zokwanira malinga ndi zomwe akudziwa. Womvera amadziuza kuti, "Akadakhala kuti wawerenga onse, munthuyu akadanena kuti onse. Wasankha mawu ofooka, ndiye kuti amphamvuwo si oona." Imeneyi ndiyo impulikecha, mfundo yochita kuwerengera. Yoti "ankasuta" siifuna kuwerengera kulikonse. Idamatirira ku mneni woti "kusiya", ndipo wolankhula amaitengeratu ngati nkhani yodziwika kale, poyambira pa zomwe akufuna kunena. Imeneyi ndiyo pulisapozishoni.

Tsopano yesani kufafaniza, koma chiganizocho chikhale chovomera, chosaphatikizidwa ndi china chilichonse. "Mlembi wawerenga ena mwa makalata, ndipotu kunena zoona wawerenga onse." Izi zikumveka. Wolankhula sanadzitsutse, wangowonjezera, pakuti amene wawerenga onse wawerenganso ena. Yesani chinacho: "Mlembi wasiya kusuta, ndipotu sanasutepo chibadwire." Apa womvera aliyense atukula nsidze. Chiganizocho chadzigwetsa chokha, chifukwa m'chiganizo chovomera munthu sangasiye chomwe sadayambe.

Chitsanzo chanu chija chili ndi "sana-". Ndi chokana, ndipo kusiyana kwagona pomwepo. Pulisapozishoni imatha kukanidwa pokhapokha chiganizo chikakhala pansi pa kukana, funso kapena mawu ena otere. Ndiponso tamverani momwe mumachinenera. Simungayambe nacho nkhani. Pamafunika wina akhale atanena kale kuti mlembi wasiya, inu n'kumubweza, mawu atakwera pa "sanasiye", kenako n'kufulumira kufotokoza chifukwa. Mukangonena kuti "Mlembi sanasiye kusuta" n'kukhala chete, aliyense amva kuti ankasuta ndipo akusutabe. Kukana kwanu kuja kukutsutsa mawu omwe mnzanu wasankha, ndipo kumafuna khama lomwe kufafaniza impulikecha sikufuna.

Pali msampha wina womwe ophunzira ambiri amagweramo. Kufafaniza si kubweza mawu. "Mlembi wasiya kusuta... ayi pepani, ndasokoneza anthu, iyeyu sanasutepo." Motere mutha kubweza chilichonse, ngakhale chomwe mwanena mwachindunji. Ngati chitsanzo chanu chikufuna "pepani" kapena "ndalakwitsa" kuti chimveke, simunayese kalikonse. Gwiritsani mawu owonjezera monga "ndipotu" kapena "mwinanso". Dziwaninso kuti impulikecha nayo nthawi zina imakanirira. Wina akafunsa kuti "Kodi wawerenga onse?" inu n'kuyankha kuti "Wawerenga ena," mfundo yoti si onse yasanduka yankho lenilenilo, ndipo kuwonjezera kuti "ndipotu onse" kumamveka ngati kuseweretsa munthu. Choncho musamayese chiganizo osaganizira funso lomwe chikuyankha.

Muyeso womwe ine ndimaudalira kwambiri ndi wolowetsa chiganizo m'kati mwa china. Tengani choyamba chija muchiike m'malo anayi. "Si zoona kuti mlembi wasiya kusuta." "Kodi mlembi wasiya kusuta?" "Mwina mlembi wasiya kusuta." "Ngati mlembi wasiya kusuta, chifuwa chija chitha." M'ziganizo zinayi zonsezi wolankhula sakutsimikizanso kuti mlembi pano sasuta. Mfundo imeneyo, yomwe idanenedwa mwachindunji, yakanidwa, yafunsidwa kapena yakayikiridwa. Koma yoti ankasuta yatuluka bwinobwino monsemo. Kutulukira pamwamba kotereku, mfundo ya kachiganizo ka m'kati n'kukhala mfundo ya chiganizo chonse, ndiko kumatchedwa pulojekishoni. Gottlob Frege adaona mbali yake mu 1892: mukati Kepler adafa ali pa umphawi, kapena mukati sadafe ali pa umphawi, monse muwiri mwavomereza kuti kudali munthu wotchedwa Kepler.

Chitani chimodzimodzi ndi chiganizo cha makalata. "Ngati mlembi wawerenga ena mwa makalata, nkhaniyi akuidziwa." Tsono atapezeka kuti wawerenga onse, kodi mungati mawuwa sakumukhudza? Ayi, akuidziwa ndithu. Mfundo ya "si onse" yazimirira. "Kodi wawerenga ena mwa makalata?" Yankho loti "Inde, onse" ndi labwinobwino, ndipo wofunsayo sanatengeretu kuti alipo omwe sanawerengedwe. Chifukwa chake n'chosavuta kuona. Impulikecha ija imabadwa pomwe mawu oti "onse" akadanena zambiri kuposa "ena". Pansi pa "ngati" zinthu zimatembenuka: lonjezo la "ngati wawerenga ena" limakwirira zochitika zambiri kuposa la "ngati wawerenga onse", motero palibe mawu amphamvu omwe wolankhula wawazemba.

Samalani pokana chiganizo chimenechi. Mukalemba kuti "Mlembi sanawerenge ena mwa makalata," Mchewa aliyense amva kuti alipo makalata omwe adatsala, ndipo mudzaganiza kuti "si onse" yapulumuka ngati pulisapozishoni. Chomwe chachitika n'chakuti "ena" wathawa kukanako n'kukhala pamwamba pake, ndiye simunakane chiganizo chomwe mudayamba nacho. Kukana kwake koona ndi kwakuti sanawerenge ngakhale imodzi. N'chifukwa chake ndimalangiza kuyesa ndi funso, "mwina" ndi "ngati" nthawi zonse, osadalira kukana kokha.

Pulojekishoni nayo ili ndi malire ake, ndipo Lauri Karttunen adawasanja mu 1973. Malo ena, monga kukana ndi "mwina", ali ngati mabowo, pulisapozishoni imangodutsa. Aneni a kunena amatha kuitsekera: mu "Mlonda wanena kuti mlembi wasiya kusuta," ine wolankhula nditha kupitiriza kuti mlondayo akunama, mlembi sanagwirepo ndudu. Malo achitatu ndi osefa. Taonani ichi: "Ngati mlembi ankasuta, ndiye kuti wasiya." Mneni "kusiya" alipo, koma chiganizo chonse sichikutengeratu kuti ankasuta, popeza mfundoyo yaikidwa kale m'chigawo cha "ngati" monga chongoyerekeza. Sinthani chigawo choyambacho chikhale "Ngati mlembi wapita kwa dokotala, ndiye kuti wasiya kusuta," ndipo pulisapozishoni ibwerera. Ophunzira akaona yazimirira m'chiganizo chosefa amathamangira kulemba kuti ndi impulikecha. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti: kodi chigawo choyamba chanena kale mfundo yomwe ndikuisakayo? Ngati chatero, kuzimirirako ndi khalidwe lenileni la pulisapozishoni.

Pali kamuyeso kena kachangu, kobwereza mfundo poyera. "Wawerenga ena, koma osati onse" ndi Chichewa chabwino. "Wasiya kusuta, ndipo ankasuta" ndi chotopetsa, womvera amati tamva kale. Mukatembenuza kuti "Ankasuta, ndipo wasiya," chimayenda, chifukwa maziko abwera patsogolo.

Tiyeni tiyese zonsezi pa kukambirana kumodzi. Wina wafunsa kuti, "Kodi mlembi alipo?" Mnzake wayankha kuti, "Nyali ya mu ofesi mwake ikuyakabe." Muli mfundo zinayi: nyali ikuyaka pano, inkayaka kale, mlembi ali ndi ofesi, ndiponso mlembi alipo. Fafanizani imodziimodzi. "Ikuyakabe, koma iye ndamuona akutuluka" chikumveka, ndiye yoti alipo yagwa mosavuta. "Ikuyakabe, koma sinayakepo m'mbuyomu" sichikumveka. "Ya mu ofesi mwake, koma alibe ofesi" nachonso ayi. "Ikuyakabe, koma siikuyaka" ndi kudzitsutsa. Mwaona kuti kufafaniza kwangopatula mfundo imodzi, zitatu zotsalazo sikunazisiyanitse. Tsopano lowetsani: "Si zoona kuti nyali ya mu ofesi mwake ikuyakabe," kapena "Mwina nyali ya mu ofesi mwake ikuyakabe." Yoti ikuyaka pano yagwa, choncho inali yonenedwa mwachindunji. Yoti inkayaka, yomwe yanyamulidwa ndi "-be", yatsala. Ya ofesi, yonyamulidwa ndi "mwake", yatsalanso. Ziwirizi ndi mapulisapozishoni. Yoti alipo yachita china chosangalatsa: pansi pa kukana yatembenuka, womvera tsopano akuganiza kuti mlembi wapita. Imeneyi ndi impulikecha, imatsatira zomwe zanenedwa komanso funso lomwe lafunsidwa. Akadafunsa kuti "Kodi magetsi azima?" yankho lomwelo silikadanena kanthu za komwe mlembi ali, pomwe "-be" akadanyamulabe katundu wake.

Chenjezo limodzi musanalowe m'mayeso: si chilichonse chotulukira pamwamba chomwe ndi pulisapozishoni. Mu "Kodi mlembi, yemwe adayamba ntchito chaka chatha, wasiya kusuta?" mfundo ya chaka chatha yapulumuka funso ndipo siifafanizika, koma itha kukhala nkhani yatsopano kotheratu kwa womvera. Christopher Potts mu 2005 adaika zoterezi m'gulu la impulikecha yokhazikika m'mawu, yosiyana ndi yochita kuwerengera ija. Poisiyanitsa, yambani mwanena mfundoyo poyera kenako mubweretse chiganizocho. "Mlembi ankasuta. Kodi wasiya?" chikuyenda bwino. "Mlembi adayamba ntchito chaka chatha. Kodi mlembi, yemwe adayamba ntchito chaka chatha, wasiya kusuta?" chikubwereza zopanda pake. Pa pepala lanu lembani ziganizo zoyeserazo zonse, chovomera, chokana, funso, "mwina" ndi "ngati", ndipo pambali pa chilichonse muonetse mfundo yomwe yatsala ndi yomwe yagwa.