Pejing'i ndi segimentesheni: adiresi imafika bwanji pamalo enieni mu memore?

"Achimwene, ndili chaka chachiwiri, ndikuphunzira zamakompyuta. Pejing'i ndi segimentesheni ndinaloweza, koma akandipatsa adiresi kuti ndipeze malo ake enieni mu RAM mutu umaima. Zimasiyana pati kwenikweni?"

Zikomo achemwali polemba. Gwirani ichi kaye: segimentesheni imadula memore m'zigawo zosiyana kukula, pamene pejing'i imadula zidutswa zofanana zokhazokha. Zina zonse zikuchokera pamenepa.

Pulogalamu ikamayenda siidziwa pamene yaikidwa mu RAM. Adiresi imene imatchula, ija aphunzitsi amati lojiko, ndi ya m'dziko lakelake. Kachigawo ka purosesa kotchedwa MMU ndi kamene kamaisandutsa adiresi yeniyeni, ya fiziko.

Mu segimentesheni pulogalamu imagawidwa motsata ntchito: malangizo paokha, deta payokha, sitaki payokha. Tebulo imasunga poyambira pa segimenti iliyonse ndi utali wake. Tinene kuti segimenti 2 ikuyambira pa 50000 ndipo ili ndi mabaiti 1200. Pulogalamu ikafuna baiti 300 ya m'menemo, MMU imaona kaye ngati 300 ndi yochepera 1200, kenako n'kuphatikiza: 50300. Ikafuna 1500, yadumpha malire, purosesa imakana pomwepo.

Vuto ndi lakuti segimenti imafuna malo amodzi osaduka. Mapulogalamu akamalowa ndi kutuluka, mu memore mumatsala timipata apa ndi apo. Zili ngati anthu anayi amene akufuna kukhala mzere umodzi mu minibasi: mipando inayi ilipo ndithu, koma wina kutsogolo, wina kumbuyo.

Pejing'i imathetsa zimenezi, ndipo apa mpofunika kudekha. Memore ya pulogalamu imadulidwa m'mapeji, nthawi zambiri a mabaiti 4096. RAM nayo imadulidwa m'mafulemu a msinkhu womwewo. Choncho peji iliyonse imakwana mu fulemu iliyonse yopanda kanthu, ndipo mapeji oyandikana sakakamizidwa kuyandikananso mu RAM.

Tengani adiresi 10000. Igaweni ndi 4096: mupeza 2, kutsala 1808. Ndiye kuti ndi peji 2, ndipo 1808 ndi ofuseti, mtunda wochokera poyambira peji. MMU imayang'ana mzere 2 wa tebulo ya mapeji, tinene kuti yapezamo fulemu 7.

```
7 * 4096 + 1808 = 30480
```

Taonani kuti 1808 sanakhudzidwe. Chasintha ndi nambala ya peji basi, yalowedwa m'malo ndi ya fulemu. Poti 4096 ndi 2^12, purosesa siichita kugawa ayi: mabiti 12 akumapeto ndiwo ofuseti, otsalawo ndi nambala ya peji. Poyesa ngati mwakhoza, gawani yankho lanu ndi 4096. Chotsala chikasiyana ndi ofuseti yoyamba ija, mwaphonya penapake.

Nayo pejing'i imataya malo, koma m'kati. Deta ya mabaiti 10000 imatenga mapeji 3, omwe ndi mabaiti 12288, ndipo 2288 amangokhala. Kutaya kotere n'kopiririka chifukwa sikufika peji yathunthu.

Chimene chimalemera ndi tebulo. Adiresi ya mabiti 32 ili ndi mapeji oposa 1 miliyoni, motero Intel 80386 ya 1985 inaika matebulo awiri osanjikizana. Mabiti 10 oyamba amasankha mzere mu tebulo yapamwamba, imene rejisita CR3 imaloza. 10 otsatira amasankha mzere mu tebulo yachiwiri. 12 otsala ndi ofuseti yomwe ija. Kuyenda ulendo wonsewu pa adiresi iliyonse kukanachedwetsa makina kwambiri, n'chifukwa chake pali TLB, imene imasunga mayankho aposachedwa.

Mzere uliwonse wa tebulo ulinso ndi biti yonena ngati peji ili mu RAM. Ikakhala kuti mulibe, purosesa imaimitsa pulogalamu n'kuitana opareting'i sisitimu. Ngati pejiyo ndi yovomerezeka, sisitimu imaibweretsa, mwina kuchokera pa disiki, pulogalamu n'kupitiriza osadziwa kanthu. Ngati si yake, pa Linux mumaona `Segmentation fault`. Dzinali lisakusokonezeni: masiku ano amene wagwira cholakwacho nthawi zambiri amakhala pejing'i.

Pa 80386 ziwirizi zinkagwira ntchito motsatizana: segimenti imaphatikiza poyambira pake, zotsatirazo n'kudutsa m'matebulo a mapeji. Pa x86-64 poyambira pa masegimenti a CS, DS, ES ndi SS pamatengedwa kuti ndi 0, kwangotsala FS ndi GS. Ndiye ine ndikuti segimentesheni muimvetse, pamayeso imabwera, koma nthawi yanu yambiri ipite ku pejing'i. Pa adiresi 10000 ija ikanipo 0x2710, yomwe ndi nambala yomweyo mu hekisadesimo, muyesenso: manambala atatu akumapeto, 710, ndiwo ofuseti, ndipo yankho likhale 0x7710.