Bwato latalika, mapiri achepa: mawu a lenzi oyenera kulemba popanga chithunzi

Funso latifikira pa imelo kuchokera ku Nchalo: "Ndikupanga positala ya gulu lathu la ogulitsa nsomba pogwiritsa ntchito pulogalamu yopanga zithunzi kuchokera ku mawu. Ndikufuna msodzi ali m'bwato pa Shire, mapiri a ku Thyolo akuoneka aakulu kumbuyo kwake. Ndinalemba `wide angle, shallow depth of field, cinematic`. Bwato likutuluka lalitali modabwitsa, mapiri ngati timizere ta mbatata, ndipo nkhafi ikusungunuka m'madzi. Ndikulakwitsa pati? Bandulo ikutha."

Achimwene, pulogalamuyo yakumverani. Vuto ndi loti mawu awiri oyambawo amakokerana kosiyana, ndipo palibe mwa awiriwo amene amakulitsa phiri. Mawu amene mukuwasowa ndi `telephoto`, dzina la lenzi yaitali yokokera pafupi zinthu zakutali, koma muyambe mwamvetsa chifukwa chake, apo ayi mudzagwanso m'dzenje lomweli pa chithunzi china.

Pulogalamuyi ilibe lenzi m'kati mwake ndipo siwerengera kuwala. Inaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri pamodzi ndi mawu ofotokoza zithunzizo, choncho mukalemba dzina la lenzi imangobweretsa maonekedwe amene kawirikawiri amayenda ndi dzinalo. Ndiye posankha mawu muziganiza ngati wojambula weniweni: ndaima pati, ndipo munthu wanga ali patali bwanji?

Tiyerekeze ndi kamera ya sensa yaikulu, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, ya mamilimita 36 ndi 24, imene manambala a malenzi amatchulidwira kawirikawiri. Lenzi ya mamilimita 24 imaona pafupifupi madigiri 74 kuchokera kumanzere kufika kumanja. Ya 50 imaona pafupifupi 40, ndipo ya 200 imaona 10 okha. Tsono kuti msodzi adzaze bwino chithunzi ndi lenzi ya 24, wojambula amayenera kumuyandikira, tinene mamita 3. Bwato likaloza kwa wojambulayo, mphuno ya bwatolo ili mita imodzi yokha kuchokera pa kamera pamene msodzi ali pa mamita 3. Chinthu choyandikira katatu chimaonekanso chachikulu katatu. N'chifukwa chake mphuno ya bwato imafufuma, bwato lonse n'kuoneka ngati lakokedwa. Zimene munaziona zija si kusokonekera kwa makina, ndi mmene zithunzi za `wide angle` zimakhaliradi.

Tsopano wojambula yemweyo abwerere m'mbuyo mpaka mamita 25, aike lenzi ya 200. Msodzi atuluka msinkhu womwewo ndendende, chifukwa 24 kugawa ndi 3 ndi 8, ndipo 200 kugawa ndi 25 ndi 8 yemweyo. Koma taonani za kumbuyo. Mlambe umene uli mamita 100 kuseri kwa msodzi ukula pafupifupi kasanu ndi kawiri. Mapiri, poti ali kutali kwambiri moti mamita 22 amene wabwererawo sasintha kanthu, akula kupitirira pang'ono kasanu ndi katatu. Bwatolo libwerera mu msinkhu wake, pakuti mphuno yake ili pa mamita 23, msodzi pa 25, kusiyana kochepa. Bango, madzi, mitengo ya tsidya ndi phiri zimaoneka ngati zasanjikizana, chimodzi kuseri kwa chinzake. Pa chingerezi cholembera pulogalamu zimenezi amazitcha `compressed perspective`.

Kuno kuchigwa nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kumtunda. Dziko ndi lathyathyathya, mapiri ali m'mphepete kutali, ndiye lenzi yotambalala imangokupatsani thambo theka, madzi theka, ndi kamzere kobiriwira pakati. Aliyense amene anayesapo kujambula mapiri a kum'mawa ndi foni ali ku Nchalo akudziwa kukhumudwitsa kwake: m'maso ndi aakulu, pa sikirini palibepo. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri ndi yotambalala, yofanana ndi lenzi ya mamilimita 24 mpaka 28.

Apa pali msampha wina wa mawu ofanana. `wide shot` ndi `wide angle` si chinthu chimodzi. Oyambawo akunena kuchuluka kwa zooneka m'chithunzi: munthu yense, bwato lonse ndi malo ozungulira. Achiwiriwo akunena mtundu wa lenzi. Ndikuganiza kuti inu mumafuna oyambawo. Mutha kupempha `wide shot` ndi `telephoto` m'chiganizo chimodzi popanda kutsutsana, tanthauzo lake n'loti kamera yaima patali.

Tibwere ku `shallow depth of field`. Mawuwa akupempha kuti kachigawo kochepa kokha kaoneke bwinobwino, za kutsogolo ndi kumbuyo kwake zikhale chimbuuzi. Pa kamera yeniyeni zimatheka mosavuta ndi lenzi yaitali, khomo la kuwala lotsegula kwambiri, komanso munthu ali pafupi. Kutseguka kwa khomolo kumalembedwa ndi `f/`: nambala ikachepa, khomo latseguka kwambiri. Lenzi ya 85 pa `f/1.8`, munthu ali pa mamita awiri, imasiya kachigawo ka masentimita pafupifupi 6 okha: maso ndi mphuno zioneka bwino, khutu layamba kale kuzimirira. Lenzi ya 24 pa `f/8`, fokasi ili pa mamita 2.4, imaonetsa bwino chilichonse kuyambira mita 1.2 mpaka kumene maso alekezera. Mukuona kuti zithunzi zotambalala za pamtsinje zokhala ndi chimbuuzi chachikulu kumbuyo n'zosowa. Pulogalamu ikapemphedwa zimenezi imachita kupeka, ngati mmene foni imachitira pa `portrait mode`: imadula munthu m'mphepete, zotsala n'kuzipaka chimbuuzi. Zinthu zowonda monga nkhafi, ulusi wa ukonde ndi nsonga za bango ndi zimene zimayamba kuwonongeka.

Komanso dzifunseni: ngati mukufuna anthu azindikire mapiriwo, muwabisirenji? Pa positala iyi mawuwa achotseni. M'malo mwake ikani `deep focus`, kuti za pafupi ndi za kutali zomwe zioneke bwino. Nawa mawu oyambira:

```
wide shot, fisherman paddling a dugout canoe seen from the side,
200mm telephoto, camera far away at eye level, compressed perspective,
long dry escarpment filling the upper half, deep focus, late afternoon
```

Mawu aliwonse pamenepa ali ndi ntchito. `seen from the side` akuika bwato chopingasa, kuti mphuno ndi kumbuyo kwake zikhale pa mtunda wofanana kuchokera pa kamera. Nambala ya 200 payokha ndi yofooka, mapulogalamu ena amangoidumpha, ndiye taiperekeza ndi mawu ofotokoza zotsatira zake: kamera ili kutali, phiri ladzaza theka la kumwamba. Lamulo lake ndi limeneli, dzina la lenzi ndi zimene maso aone ziziyendera limodzi. `dugout canoe` n'kofunika, chifukwa `boat` yekha akupatsani boti la injini. Dzina la Thyolo sindinaliike dala. Pulogalamu yosadziwa bwino malowa ikamva za mapiri imakonda kujambula nsonga zosongoka za maiko ozizira, pamene chimene chimaoneka kuchokera kuchigwa ndi khoma lalitali la mapiri. Lifotokozeni mmene lilili. Nthawi ya kumadzulo ndaisankha chifukwa mukaima tsidya la ku Nchalo kuyang'ana kum'mawa, dzuwa la madzulo limakhala kumbuyo kwanu n'kumawalitsa nkhope ya msodzi ndi mapiri omwe. M'mawa likadakhala kutsogolo, msodzi n'kuda bii.

Kunena zoona, lenzi yeniyeni ya 200 singaonetse msodzi wa pa mamita 25 ndi phiri lakutali zonse bwinobwino mofanana, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala mpweya umachita kunjenjemera pamwamba pa madzi. Choncho phiri likatuluka lofewa pang'ono, lotuwira ku buluu, musalimbane nalo. Ndi mmene limaonekeradi.

Za mawu oti `cinematic`, ine ndingawasiye kaye. Nthawi zambiri amabwera ndi katundu wawo: mitundu yakuda, chifunga, ndi chimbuuzi chomwe tangochichotsacho.

Poyesa, kuti bandulo isapite pachabe, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Ngati pulogalamu yanu ili ndi malo olembedwa `seed`, nambala imene pulogalamu imayambirapo popanga chithunzi, ikanipo nambala imodzi, tinene 100, ndipo musaisinthe. Pa Midjourney, imodzi mwa mapulogalamu otere, zimalembedwa kumapeto kwa mawu, pamodzi ndi muyezo wa chithunzi:

```
--ar 4:5 --seed 100
```

Pangani chimodzi ndi `24mm wide angle`, china ndi `200mm telephoto`, mawu ena onse akhale omwewo. Kenako musayang'ane kukongola. Tengani kutalika kwa msodzi ngati muyezo, muone kuti phiri likumuposa kangati pa chithunzi chilichonse. Ngati pa zonse ziwiri n'chimodzimodzi, pulogalamuyo sikumva dzina la lenzi. Pamenepo kuwonjezera mpaka `400mm` n'kungotaya nthawi; sunthirani mawu ofotokoza phiri kumayambiriro ndipo chepetsani ena. Muyezo wa 4:5, woimirira, umathandizanso, chifukwa umapatsa phiri malo kumwamba. Wa 16:9 umakankhira pulogalamu ku maonekedwe otambalala aja.

Zolakwika zina zimadziwika msanga. Msodzi akatuluka atagwira kamera, kapena lenzi ikuyandama pakati pa namasupuni, ndiye kuti pulogalamu yatenga mawu oti `camera` kapena `lens` ngati chinthu choti ijambule. Sinthani mulembe `photographed from far away`. Bwato likasowa n'kutsala nkhope yokha, mwina mwalemba `85mm`, nambala imene imayenda kwambiri ndi zithunzi za nkhope, bwezeranipo `full body, entire canoe visible`. Mzere wa madzi ukapindika ngati uta, `wide angle` wapitirira mpaka kufanana ndi lenzi ya `fisheye`.

Chimbuuzi chija chili ndi malo ake, pa chithunzi chachiwiri cha positala yanu: mayi wanyamula nsomba yowamba pamsika wa Bangula, kumbuyo kuli njinga, mabeseni ndi anthu, zimene zingasokoneze maso.

```
waist-up portrait, woman holding smoked catfish at a market stall,
85mm, f/2.8, shallow depth of field, face and fish in focus
```

Mawu omalizawo musawaiwale. Mukapanda kunena pamene fokasi igwere, pulogalamu imasankha nkhope, mlamba umene mukugulitsawo n'kukhala mbuu. Chikatuluka, chikulitseni pa sikirini mulondole ndi maso kuchokera pa nkhope kupita kumbuyo. Pa chithunzi chooneka ngati chenicheni chimbuuzi chimakula pang'onopang'ono: beseni la pambali pa mayiyo lafewa pang'ono, njinga ya kumbuyo yafewa kwambiri, anthu akutali angotsala mitundu. Mukapeza zinthu ziwiri zili pa benchi limodzi, china chooneka bwino china chosungunuka, kapena m'mphepete mwa duku muli kamzere kowala ngati adula ndi lumo, chitayeni. Sinthani `f/2.8` ikhale `f/4`, ndipo m'malo mwa `shallow depth of field` mulembe `background softly out of focus`, muyesenso ndi `seed` yomweyo.